Kusankha malo okumbapo mjigo: mtundu wa mwala, ming'alu ndi kuya kwa mwala wofumbutuka

Madzi amene mjigo umatulutsa ndi madzi a mvula amene adalowa m'nthaka, nkutsikira pansi pang'onopang'ono mpaka kudzaza timipata ta m'dothi ndi m'miyala. Anthu ambiri amaganiza kuti pansi pali mtsinje kapena nyanja yobisika, ndipo kuti ntchito ya okumba ndi kungoiboola. M'madera ambiri a Malawi zinthu sizili choncho. Pansi pa zidikha za Lilongwe, Mchinji, Kasungu ndi Mzimba, komanso pansi pa mapiri a kumtunda kwa Shire, pali thanthwe lakalekale, lolimba ndi lopanda timabowo. Mwala woterewu ukakhala wathunthu susunga madzi ndipo suwalola kudutsa. Madzi amapezeka m'malo awiri okha: m'gawo la pamwamba pomwe mwalawo udafumbutuka, ndi m'ming'alu yomwe idaudula. Nchifukwa chake mijigo iwiri yotalikirana mamita 100 okha imatha kusiyana kotheratu, wina nkumatulutsa madzi chaka chonse, wina nkuuma chilimwe chikangofika pachimake.

Kuchuluka kwa madzi ofunika sikwakukulu. Mjigo umodzi umayembekezeka kuthandiza anthu pafupifupi 250. Munthu aliyense akamagwiritsa ntchito malita 25 patsiku, mudziwo ufunika malita 6,250. Pampu ya Afridev, yomwe ili pa mijigo yambiri m'dziko muno, ikamapopedwa bwino imadzaza ndowa ya malita 20 m'mphindi imodzi ndi theka kapena kucheperapo, ndiye kuti malita pafupifupi 900 pa ola. Madzi a tsiku lonse angatungidwe m'maola asanu ndi awiri. Choncho wosankha malo safuna madzi ochuluka zedi. Chimene amafuna ndi malo amene angapereke madzi ochepawa tsiku ndi tsiku, ngakhale mu Novembala wa chaka cha chilala.

Mmene pansi paliri

Makina akamaboola pa chidikha amadutsa magawo amene amatsatizana mofanana pafupifupi paliponse, ngakhale kuti makulidwe ake amasiyana. Pamwamba pali dothi lolimapo, nthawi zina limodzi ndi lubwe, miyala yofiirira yachitsulo ija imene imavuta kukumba ndi khasu. Pansi pake pali dongo, lofiira, lachikasu kapena loyera. Dongoli lidali mwala kalekale, koma madzi ndi mpweya zidaudya kwa zaka zosawerengeka mpaka udatha. Limasunga madzi ambiri koma limawaumira. Munthu akakumba chitsime nkulekeza m'gawo limeneli, makoma ake amakhala onyowa koma madzi amalowa pang'onopang'ono kwambiri, ndipo ndowa zingapo zikatungidwa chitsime chimaphwa.

Kutsika pansi, dongo limayamba kuchepa. Mwala umaoneka ndi maonekedwe ake akale, mizeremizere yake ili yonse, koma munthu akaufinya m'manja umafumbutuka nkukhala mchenga wokhakhala. Kenako pamabwera gawo la mwala wosweka, zidutswa zolimba zomwe zili ndi dzimbiri m'mbali mwake, umboni wakuti madzi akhala akudutsamo. Pansi pa zonsezi pali thanthwe lathunthu.

Magawo awiri apakatiwa, la mchenga wokhakhala ndi la mwala wosweka, ndiwo amene mjigo umadalira. Gawo lofumbutuka la pamwamba lili ngati nkhokwe, ndipo mwala wosweka ndi ming'alu yake ndiyo njira imene zosungidwazo zimatulukira. Mjigo ukapeza mng'alu wopanda gawo lofumbutuka pamwamba pake, madzi amatuluka mwamphamvu tsiku lokumba, anthu nkululutira, koma pakapita miyezi ingapo mng'aluwo umatha madzi chifukwa palibe chouwonjezera. Ukapeza dongo lakuya lopanda gawo losweka pansi pake, madzi amakhalapo koma amabwera mochedwa, ndipo amayi amapopa nkudikira, kupopa nkudikira. Malo abwino ndi pamene ziwirizi zakumana.

Pa zidikha za pakati pa dziko gawo lofumbutuka nthawi zambiri limakhala la mamita 15 mpaka 30, ndipo pena limaposa pamenepo. M'malo otsetsereka, monga m'zitunda zotsikira ku nyanja kapena ku chigwa cha Shire, mvula imakokolola dothi msanga ndipo thanthwe limakhala pafupi. Ntchito zokumba mijigo zomwe zidachitika ku Livulezi m'boma la Ntcheu ndi kumadzulo kwa Dowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zidaonetsa kuti pomwe gawo lofumbutuka ndi lokwanira, mijigo yosazama kwambiri, yomangidwa mosamala, imapereka madzi okwanira pampu ya manja popanda kuboola thanthwe mozama.

Pali mfundo imodzi imene imaiwalika kawirikawiri. Chofunika si kuya kwa gawo lofumbutuka kokha, koma mbali yake imene ili m'madzi. Pamalo pomwe thanthwe lili pa mamita 20 ndipo madzi amayambira pa mamita 6, pali mamita 14 onyowa. Pamalo pena pomwe thanthwe lilinso pa mamita 20 koma madzi amayambira pa mamita 18, pali mamita awiri okha, ndipo chilimwe chimodzi chotalika chimawamaliza. Madzi a pansi amakwera m'dzinja ndi kutsika m'chilimwe, nthawi zambiri ndi mamita angapo. Mlingo umene umawerengedwa ndi wa kumapeto kwa chilimwe. Mjigo wokumbidwa mu Febuluwale kapena Malichi umanamiza anthu ngati okumbawo saganizira za kutsikaku.

Mtundu wa mwala

Miyala siifumbutuka mofanana, ndipo chimene imasiya ikafumbutuka chimasiyananso. Mwala wowala wa timibulu tikulutikulu, wokhala ndi timiyala tambiri toyera tolimba totchedwa kwatsi, umasiya mchenga wokhakhala, chifukwa kwatsi sawola. Mchenga woterewu umalola madzi kudutsa bwino. Mwala wakuda wa timibulu ting'onoting'ono umawola msanga ndiponso mozama, koma umasanduka dongo lomata. Pamwamba pake pamakhala dothi lachonde, la katondo, limene mlimi amalikonda, pomwe wokumba mjigo amayenera kutsika mpaka gawo losweka kuti apeze madzi oyenda. Mwala wokhala ndi timapalepale tambiri tonyezimira uli ndi vuto lakelake: timapalepaleto timalowa m'mjigo, madzi nkumatuluka onyezimira kapena amatope, ndipo timatha mphira za pampu.

Mwala wofala kwambiri m'Malawi ndi nayisi, wodziwika ndi mizere yoyera ndi yakuda yosinthanasinthana. Mizereyi imathandiza, chifukwa madzi amalowera motsatira iyo ndipo kufumbutuka kumazama. Koma imachititsanso kuti malo asinthe pa mtunda waufupi: mzere wina wa mwala umawola mpaka mamita 30, woyandikana nawo nkukhalabe wolimba, mwina nkuonekera pamtunda ngati mwala wopherapo ufa. Mapiri monga Mulanje ndi Zomba ndi a mwala wina, wophatikana wopanda mizere, umene umaima chilili osawola mozama. M'munsi mwa mapiri otere akasupe ndi madzi a m'mipope ochokera kumtunda nthawi zambiri amathandiza kuposa mjigo wokumbidwa pa thanthwe lenilenilo.

Pali miyala ina iwiri imene wosankha malo amaiyang'anitsitsa. Woyamba ndi dolerayiti, mwala wakuda wolemera umene udalowa m'ming'alu uli wosungunuka nkuuma momwemo ngati khoma loimirira pansi pa nthaka. Makoma oterewa ndi ambiri kumwera kwa dziko, ndipo pamtunda amaoneka ngati mzere wa miyala yakuda yobulungira. Pakati pake penipeni pamakhala pouma. Koma m'mbali mwake, pomwe udakhudzana ndi mwala wakale, pamakhala posweka, ndipo khomalo limatchinga madzi otsetsereka kuchokera kumtunda. Mjigo umaikidwa pambali, mbali ya kumtunda, osati pamwamba pake. Wachiwiri ndi mwala wa laimu, monga wa ku Changalume ndi wa kumapiri a Chenkumbi kufupi ndi Balaka. Mwala umenewu umasungunuka ndi madzi nkusiya mphako. Mjigo ukagunda mphako madzi amachuluka, ukaiphonya umauma, ndipo madzi ake sachita thovu msanga ndi sopo.

M'mbali mwa nyanja, monga ku Salima ndi ku Karonga, komanso m'chigwa cha Shire, nkhani ndi ina. Kumeneko kuli mchenga ndi dongo zomwe mitsinje idaunjika, ndipo madzi savuta kupeza. Chovuta ndi mchere, makamaka m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa. Mwala umasinthanso kakomedwe ka madzi ngakhale pa zidikha: m'madera ena a kumadzulo kwa Dowa madzi ena ndi owawa chifukwa cha salifa wochokera m'miyala, ndipo cha ku Nathenje kumadziwika ndi fuloraidi wochuluka amene amathimbiriritsa mano a ana. Zoterezi zimadziwika msanga pofunsa za mijigo yomwe ilipo kale.

Ming'alu ndi mmene imaonekera pamtunda

Thanthwe lidang'aluka nthawi zosiyanasiyana, makamaka pamene nthaka inkagwedezeka ndi kutsika nkupanga chigwa chachikulu momwe muli nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire. Ming'alu ina ndi yoimirira ndipo imayenda mtunda wautali. Ina ndi yogona, ndipo imapezeka kwambiri m'mamita oyambirira a thanthwe, pansi pa gawo lofumbutuka. Munthu akamatsika, kulemera kwa miyala ya pamwamba kumapanikiza ming'alu nkuitseka, ndiponso imachepa. Nchifukwa chake kuzama si mankhwala a mjigo wouma. Ngati makina aboola mamita 15 kapena 20 a thanthwe lathunthu ndipo fumbi likutuluka louma, mwayi wopeza madzi pa mita iliyonse yotsatira umacheperachepera pomwe ndalama zikupita. Nthawi zambiri nkwabwino kusamutsa makina kupita pa malo achiwiri kusiyana ndi kulimbikira mpaka mamita 80. Pampu ya Afridev nayonso ili ndi malire, idapangidwira kukweza madzi kuchokera pa mamita osapitirira 45.

Mng'alu waukulu suoneka ndi maso ngati mpata, koma umasiya zizindikiro. Mwala wosweka umawola ndi kukokoloka msanga, choncho madzi oyenda pamtunda amatsatira mzere womwewo. Khwawa lowongoka kwa mtunda wautali, mtsinje wokhota mwadzidzidzi ngati ngodya ya nyumba, mpata wodula phiri, dambo lalitali lopyapyala, zonsezi zimasonyeza kuti pansi pangakhale mng'alu. Mizere yotereyi imaoneka bwino pa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba kuposa poyenda pansi. Pomwe mizere iwiri yadutsana ndi pomwe mwala umakhala wosweka kwambiri.

Zomera zimathandizanso. Mikuyu, katope ndi mbawa zimakonda pomwe mizu yake imafika madzi, ndipo mitengo yotere ikandandalika mu mzere, ili yobiriwira mu Okutobala pomwe tchire lonse lauma, mzerewo ndi woyenera kuuyeza. Koma mtengo umodzi wokha si umboni wokwanira. Ukhoza kumamwa timadzi tochepa tokhala pamwamba pa dongo, tomwe sitingakwanire mudzi. Akuluakulu a m'mudzi amadziwa zambiri zomwe mapu sanena: chitsime chomwe sichidaphwe m'zaka za chilala monga 1992, pomwe okumba manda kapena zimbudzi amagunda thanthwe msanga, pomwe kudali kasupe kale. Katswiri wofika ndi makina ake osayamba wakhala pansi ndi anthuwa amataya umboni waulere komanso wodalirika.

Si mng'alu uliwonse umene uli ndi madzi. Ina idadzaza ndi dongo lochokera ku mwala woperekeseka, makamaka pakati penipeni pa mng'alu waukulu, ndipo madzi amayenda m'timing'alu ta m'mbali. Chimodzimodzinso dambo. Ambiri amathamangira pakati pa dambo poona kuti mponyowa, koma kunyowako kumabwera chifukwa cha dongo lakuda la makande limene limatsekereza madzi pamwamba. Pakati pa dambo pamasefukira m'dzinja, galimoto yonyamula makina imatitimira, ndipo madzi ake nthawi zina amakhala ndi mchere kapena dzimbiri. M'mphepete mwa dambo, cha kumunsi kwa mtunda wotsetserekera komweko, ndi momwe mumakhala mwayi.

Kuyeza ndi magetsi

Zonse zanenedwazi zimangosonyeza pomwe pangayesedwe. Kuti adziwe kuya kwa thanthwe asanakumbe, akatswiri amagwiritsa ntchito makina oyeza mmene nthaka ikukanira magetsi. Amakhoma zitsulo zinayi mu mzere wowongoka. Ziwiri zakunja zimalowetsa magetsi a batire m'nthaka, ziwiri zamkati zimayeza. Akamatalikitsa zitsulo zakunja kuchokera pakati, mita imodzi, mamita atatu, khumi, mpaka 100 mbali iliyonse, magetsi amazama, ndipo manambala ake amaonetsa mmene magawo akusinthira potsika.

Muyezo wake umatchedwa omu-mita. Thanthwe lathunthu limakana magetsi kwambiri, ndipo nambala yake imafika masauzande. Dongo lonyowa limawalola mosavuta, nambala nkutsika pansi pa 20. Mwala wofumbutuka wamchenga wokhala ndi madzi umakhala pakatikati, kawirikawiri kuyambira 20 mpaka 100 kapena kupitirirako pang'ono. Chimene woyeza amafuna kuona ndi nambala yapakatiyi ikupitirira mpaka mamita 20 kapena 30, kenako nkumakwera pang'onopang'ono, chizindikiro cha gawo losweka, osati kulumpha nthawi imodzi.

Makinawa saona madzi. Amayeza kukana magetsi basi, ndipo zinthu zingapo zimapereka nambala yotsika mofanana: dongo, madzi amchere, ndiponso mwala wakuda wofewa wonga wa m'pensulo, umene ulipo wambiri cha ku Malingunde m'boma la Lilongwe. Kuya kumene amaonetsa kungalakwikenso ndi mamita angapo. Nchifukwa chake woyeza wosamala amayamba wayeza pafupi ndi mjigo womwe ulipo kale, womwe mbiri yake ikudziwika, kuti aone mmene manambala a deralo akugwirizanira ndi zomwe zidapezeka pokumba. Pofuna mng'alu woimirira sayeza pamalo amodzi, koma amayenda modutsa mzere womwe akuuganizira, nkumayeza mamita khumi aliwonse, mpaka apeze pomwe nambala yatsika kuposa m'mbali.

Alipo olosera madzi ndi timitengo ta mphanda kapena mawaya opindika. Pa chidikha chomwe gawo lofumbutuka ndi lakuya ponseponse, iwo amapeza madzi kawirikawiri, chifukwa aliyense wokumba kumeneko angawapeze. M'malo ovuta njira yawoyo sinena kuya kwa thanthwe, mtundu wa mwala kapena kuchuluka kwa madzi, ndipo mudzi umene ukuika ndalama zake pa mjigo umodzi suyenera kudalira iyo yokha.

Chitsanzo cha mudzi wina

Pofuna kuona mmene zonsezi zimagwirira ntchito limodzi, nachi chitsanzo chongoyerekeza cha mudzi wa pa chidikha cha Kasungu. Nyumba zake zili pa kamtunda, ndipo kummawa kuli dambo. Anthu akufuna mjigo pabwalo, pakati pa mudzi. Woyeza akuyamba ndi mapu a miyala ochokera ku nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba, omwe akuonetsa kuti deralo ndi la nayisi. Ku ofesi ya zamadzi ya pa boma akupeza mbiri ya mjigo wa pasukulu yapafupi: ndi wozama mamita 36, madzi adapezeka pa mamita 21 ndi 28, ndipo amakhazikika pa mamita 9. Pa chithunzi cha m'mwamba akuona khwawa lowongoka lotsikira m'dambo, ndipo akalitalikitsa mzere wake ukudutsa kumpoto kwa mudzi. Anthu akumuuza kuti pabwalo okumba zimbudzi amagunda miyala, ndiponso kuti chitsime cha m'mphepete mwa dambo sichiphwa.

Akuyeza malo atatu. Pabwalo nambala zikukwera mwadzidzidzi pa mamita 9. Popeza malowo ndi okwera, madzi kumeneko angayambire pa mamita 11 kapena 12, ndiye kuti gawo lonse lofumbutuka ndi louma ndipo mjigo ungadalire kugunda mng'alu mwamwayi. Pakati pa dambo nambala ili pa 8 mpaka mamita 20, lomwe ndi dongo lokhalokha. Pa malo achitatu, m'munsi mwa mtunda, pa mzere wa khwawa lija, nambala ili pa 45 mpaka mamita 27, kenako ikukwera mosafulumira. Malowa ali mamita 350 kuchokera pabwalo, mkati mwa mamita 500 omwe amawerengedwa ngati mtunda woyenera kukatunga madzi.

Asanakhome chikhomo, woyeza akuyang'ana zomwe zili kumtunda kwa malowo. Malangizo ambiri amati mjigo utalikirane ndi chimbudzi, khola kapena dzala mamita osachepera 30, ena amati 50, ndipo manda atalikire kuposa pamenepo. Pomwe thanthwe losweka lili pafupi ndi pamwamba mtundawu uyenera kuwonjezeredwa, chifukwa mng'alu susefa madzi monga amachitira mchenga ndi dongo. Pano chimbudzi chapafupi chili pa mamita 60 ndipo chili chammbali, osati kumtunda. Mwini munda akuvomera pamaso pa amfumu ndi komiti ya mjigo kuti malowo akhale a mudzi wonse, ndipo mgwirizanowo ukulembedwa. Malo achiwiri akusankhidwiratu pa mzere womwewo kuti oyambawo akalephera makina asachoke chimanjamanja.

Tsiku lokumba ndi pamene zoyezedwa zija zimatsimikizika. Zomwe makina akutulutsa zimatengedwa pa mita iliyonse nkuyalidwa pansi mu mzere. Mamita atatu oyamba ndi dothi ndi lubwe. Kuyambira pamenepo mpaka mamita 14 ndi dongo lachikasu. Kenako mchenga wokhakhala mpaka mamita 24, ndipo fumbi likuleka kutuluka pa mamita 17, kusonyeza chinyontho. Kuyambira 24 mpaka 33 kukutuluka zidutswa za mwala za dzimbiri, ndipo madzi akuwonjezeka pa mamita 26 ndi 31. Kupitirira apo tizidutswa ndi tating'ono, totuwa ndi toyera bwino, ndipo makina akuyenda mochedwa. Kukumba kukulekezera pa mamita 38. Makina oyezera aja adaonetsa mamita 27, pomwe mwala wofewa wathera pa 24 ndipo wolimba wayambira pa 33, ndipo kusiyana kotereku nkozolowereka.

Mapaipi okhala ndi timipata tolowera madzi akuikidwa pa mamita 25 mpaka 32, moyang'anizana ndi gawo losweka. Gawo la dongo likutsekedwa ndi mapaipi opanda timipata. Kuzungulira mapaipi kukuthiridwa timiyala tosefa, ndipo mamita a pamwamba akutsekedwa ndi simenti kuti madzi akuda a pamtunda asatsikire m'mbali mwa paipi. Mjigowo ukutsukidwa ndi mpweya mpaka madzi atayera. Mmawa wake madzi akhazikika pa mamita 8. Ukupopedwa ndi pampu ya injini pa theka la lita pa sekondi, kuwirikiza kawiri zomwe pampu ya manja idzatenge, kwa maola angapo. Madzi akutsika kufika pa mamita 15 nkuima pomwepo, ndipo pampu itazimitsidwa akubwerera pafupi ndi pomwe adali pasanathe ola. Kuima ndi kubwerera msangaku ndiko kumasonyeza kuti mng'alu ukulandira madzi kuchokera ku gawo la pamwamba. Madzi akadapitirira kutsika osaima, kapena kuchedwa kubwerera, ukadakhala mng'alu wopanda chouthandiza. Silinda ya pampu ikuikidwa pa mamita 23, pamwamba pa timipata tija, ndipo patsala mpata wokwanira ngakhale madzi atatsika ndi mamita angapo m'chaka cha chilala.

Pomwe zinthu zimalakwika

Mijigo yambiri yovuta idalakwika pa tsiku losankha malo kapena tsiku lokumba, ngakhale kuti anthu amaimba mlandu pampu. Zizindikiro zake zimasiyanitsika. Mjigo umene umatulutsa bwino mmawa nkuyamba kupuma masana uli m'gawo lomwe madzi amalowa mochedwa. Umene umagwira ntchito kuyambira Januwale mpaka Ogasiti nkuleka udalekezedwa pamwamba, kapena gawo lake lonyowa ndi lopyapyala. Umene umatulutsa mchenga kapena matope uli ndi timipata toyang'anizana ndi dongo, kapena timiyala tosefa sitidaikidwe bwino. Umene madzi ake amada mvula ikagwa uli ndi njira yochokera pamtunda, ndipo madzi ake ndi oopsa kumwa mpaka atayezedwa. Pa zonsezi kusintha mphira ndi ndodo za pampu sikuthandiza.

Chinanso chimachokera ku mgwirizano wa ntchito. Kawirikawiri wokumba amauzidwa kuti asankhe yekha malo ndipo sadzalipidwa mjigo ukauma. Zikatero iye amakopeka kukumba pomwe madzi ndi osavuta, ngakhale patali ndi anthu kapena pafupi ndi zonyansa, kapena kupereka mjigo wa madzi ochepa ngati wabwino. Kuyeza malo ndi kuyang'anira kukumba kumayenda bwino kukakhala m'manja mwa munthu wina amene si wokumbayo. Nawonso a mphamvu m'mudzi, kapena andale pa nthawi ya zisankho, akaumirira kuti mjigo ukhale pakhomo pawo pomwe thanthwe lili pa mamita 9, ndalama za mudzi wonse zimathera m'dzenje louma. Anthu ali ndi ufulu wonena dera lomwe lingawathandize, koma malo enieni okhomapo chikhomo ayenera kutsatira zomwe miyala yasonyeza.

Ntchito ikatha, wokumba ayenera kusiya mbiri yolembedwa: magawo omwe adadutsa ndi kuya kwake, pomwe madzi adapezeka, pomwe pali timipata, pomwe madzi adakhazikika ndi tsiku lake, zotsatira za kupopa koyesa ndi za kuyeza madzi. Pepala limodzi lipite ku ofesi ya zamadzi ya pa boma, lina likhale ndi komiti ya mjigo. Dzenje louma lilembedwenso chimodzimodzi, chifukwa limauza woyeza wotsatira pomwe thanthwe lili pafupi. Komiti isasainire kuti yalandira mjigo isanaone kupopa koyesa ndi maso ake ndiponso isanalandire pepala limeneli.